Kufotokoza za mnyamata wotentha thupi, wa thukuta la usiku, wowonda ndiponso wotsokomola poyendera odwala mu wodi

Funso: Ndine dokotala wongoyamba kumene ntchito, ndipo ndapemphedwa kukonza phunziro loti ndiphunzitsire ophunzira poyendera odwala mu wodi. Nkhani yake ikhale ya mnyamata amene akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku, wawonda ndipo akutsokomola. Kodi ndiyale bwanji nkhaniyi, ndipo ndiziima pati kuti ndiwafunse mafunso?

Vuto la nkhani imeneyi ndi lakuti yankho limadziwika msanga kwambiri. Mukangotchula zizindikiro zinayi zija, wophunzira aliyense amene waima pafupi ndi bedi amakhala atanena kale mumtima mwake kuti ndi chifuwa chachikulu, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Koma akafika pamenepo ambiri amasiya kuganiza, choncho phunziro lanu likathera pa dzina la matendalo ndiye kuti simunawaphunzitse kanthu kamene sankadziwa. Langizo langa ndi lakuti muliyale phunziroli mozungulira mafunso amene amabwera pambuyo pa dzinalo, omwe ndi awa: kodi wodwalayu wadwalika motani lero, chitetezo cha m'thupi mwake chili bwanji, tiupeza kuti umboni wa kachilombo, ndipo ndi matenda ena ati amene angamuphe tikuyang'ana kumbali? Kuti zimenezi zitheke, sankhani wodwala amene zotsatira zake zoyamba sizikugwirizana ndi zimene ophunzira akuyembekezera. Nkhani imene ndikupatsani pansipa ndi yongoyerekezera, koma ndaiyala motsatira mmene odwala oterewa amaonekera.

Musanafike pa bedi pali zinthu ziwiri zoti zikonzedwe. Choyamba, wodwala amene akutsokomola ndipo akuganiziridwa TB agonekedwe pamalo opita mphepo bwino, patali ndi odwala ena ofooka, avale masiki, ndipo gulu lanu lisaunjikane pamaso pake kwa nthawi yaitali. Chachiwiri, nkhani ya HIV isatchulidwe mokweza pakati pa mabedi. Kambiranani mbali imeneyo muli poduka mphepo, ndipo pa bedi muzingochita zimene zikufuna kuti wodwala akhalepo, monga kumulonjera, kumupempha chilolezo, kutsimikiza mfundo zingapo ndi kumuyeza.

Wophunzira ayambe ndi ziganizo zochepa zimene zikunyamula nkhani yonse. Anene motere:

"Wodwalayu ndi mwamuna wa zaka 26 amene anagonekedwa dzulo. Wakhala akutsokomola kwa milungu isanu, akutentha thupi makamaka madzulo, akutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda, ndipo sikelo yake yatsika kuchoka pa makilogalamu 55 kufika pa 47 m'miyezi itatu. Anayezedwa dzulo ndipo wapezeka ndi HIV koyamba, sanayambe ma ARV."

Imani pomwepo. Funsani gulu kuti ndi mawu ati m'ziganizo zimenezi amene akusintha maganizo awo kwambiri. Ambiri adzatchula thukuta la usiku, koma mawu olemera kwenikweni ndi atatu: kutalika kwa nthawi, manambala a sikelo, ndi HIV. Milungu isanu imatichotsa pa chimfine ndi pa chibayo wamba, zimene zimabwera mwadzidzidzi m'masiku ochepa, n'kutiika pa matenda oyenda pang'onopang'ono. Kutsika kwa makilogalamu 8 pa 55 ndi pafupifupi 15 peresenti ya thupi lake, ndipo nambala imeneyi imanena zambiri kuposa mawu akuti "wawonda", amene aliyense amawamva mosiyana. Ngati palibe sikelo yakale yolembedwa, wophunzira afunse za lamba ndi zovala, kuti wabowola mabowo angati atsopano kapena ngati buluku likumugwa. Thukuta la usiku nalonso lifunsidwe mosamala, chifukwa munthu aliyense amatuluka thukuta kukatentha. Limene tikufuna kumva ndi lonyowetsa malaya ndi zofunda mpaka munthu kudzuka kukasintha, ngakhale usiku wozizira.

HIV ndiyo ikuyenera kukhala m'ziganizo zoyambirirazi, osati kumapeto kwa mbiri, chifukwa imasintha tanthauzo la china chilichonse chotsatira. Kwa munthu wopanda HIV timakonda kuganizira TB chifuwa chikapitirira milungu iwiri. Kwa munthu amene ali ndi HIV, Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse limalangiza kuti chizindikiro chimodzi chokha mwa zinayi zija, ngakhale chitangoyamba kumene, n'chokwanira kuti afufuzidwe TB. Wodwala wathu ali nazo zonse zinayi.

Kenako wophunzira apitirize ndi mbiri ya matendawa, ndipo pano mumuphunzitse kutchula zimene palibe mofanana ndi zimene zilipo, malinga ngati zili ndi ntchito.

"Chifuwacho chinayamba chouma, ndipo pano amatulutsa makhololo ochepa oyera, opanda magazi ndiponso osanunkha. Amachita befu akakwera masitepe koma osati akakhala pansi. Sakumva mutu, sakusanza, khosi silinaume ndipo womudikirira sanaone kusintha kulikonse m'kaganizidwe kake. Sakutsegula m'mimba. Milungu itatu yapitayo anamwa amokisilini kwa masiku asanu koma sanapeze bwino. Sanamwepo mankhwala a TB. Chaka chatha ankagona chipinda chimodzi ndi msuweni wake amene ankamwa mankhwala a TB, ndipo sakudziwa ngati anamaliza. Anadwalapo mashingozi zaka ziwiri zapitazo. Sasuta fodya, amamwa mowa kumapeto kwa mlungu, ndipo sanagwirepo ntchito mumgodi kapena kukhala m'ndende. Kunyumba amakhala ndi mkazi wake ndi mwana wa zaka ziwiri."

Njira yabwino yophunzitsira ndime imeneyi ndi kuloza chiganizo chimodzi chimodzi n'kufunsa kuti chaikidwamo chifukwa chiyani. Wophunzira amene sangayankhe amakhala kuti wangoloweza mndandanda. Makhololo osanunkha akuchepetsa mwayi woti m'mapapo muli chithupsa cha mafinya. Kusamva mutu ndi kusauma khosi kukutchulidwa chifukwa matenda oumitsa khosi, kaya oyamba ndi TB kaya ndi fangasi wotchedwa kiriputokokasi, ndiwo amasintha nthawi yoyambira ma ARV, ndipo kulakwitsa pamenepa kumapha. Kusamwapo mankhwala a TB komanso nkhani ya msuweni uja zikukhudza TB yosamva mankhwala, pakuti munthu amene anamwapo kale mankhwala, kapena amene anakhala ndi wodwala amene sanachire bwino, ali pachiopsezo chachikulu. Mowa ukutchulidwa chifukwa atatu mwa mankhwala anayi a TB amatha kuvulaza chiwindi. Mwana wa zaka ziwiri uja, amene wophunzira amamutchula mothamanga kumapeto, ndi wodwala wachiwiri m'nkhaniyi, chifukwa ana osakwana zaka zisanu amene akukhala ndi wodwala TB ayenera kuyezedwa, ndipo akapezeka kuti sakudwala apatsidwe mankhwala oteteza.

Dzina la mankhwala amene wodwala anamwa kale likufuna kuti muimepo pang'ono. Amokisilini alibe mphamvu pa kachilombo ka TB, choncho kusachira kwake kukuwonjezera kukayikira kwathu popanda kusokoneza kuyeza. Zikanakhala zosiyana akanamwa siporofulokisasini kapena mankhwala ena a gulu limenelo, chifukwa amenewo amapha pang'ono tizilombo ta TB. Wodwala amapezako bwino kwa kanthawi, makhololo amatha kuoneka opanda kanthu, matenda amachedwa kudziwika, ndipo tizilombo timatha kuzolowera gulu la mankhwala limene timalidalira pochiza TB yosamva mankhwala. Ophunzira achoke pa bedi akudziwa kuti mankhwala a gulu limeneli sapatsidwa kwa munthu wotsokomola amene sanafufuzidwe TB.

Pa zoyeza m'thupi, wophunzira ayambe ndi manambala asanafike pa chifuwa.

"Ndi wowonda kwambiri ndipo m'zikope ndi moyera, koma akudziwa pamene ali ndipo akuyenda yekha. Thupi latentha madigiri 38.6, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi, akupuma ka 24 pa mphindi, kuthamanga kwa magazi ndi 104/66, ndipo okosijeni ali pa 95 peresenti popanda kumuwonjezera mpweya. Kutalika kwake ndi mamita 1.72. M'kamwa muli zoyera pa lilime ndi m'masaya, koma m'kamwa ndi pakhungu mulibe zotupa zakuda mofiirira. Kumanja kwa khosi kuli mwanabere wa masentimita atatu, wolimba, wosapweteka, wophatikana ndi ena awiri ang'onoang'ono. M'chifuwa mpweya ukulowa mbali zonse ndipo sindinamve phokoso lachilendo. Mtima ukumveka bwino popanda mkokomo. Kapamba akumveka pang'ono pansi pa nthiti. Khosi likupindika bwino."

Funso lanu pano likhale lakuti kodi munthuyu wadwalika kwambiri kapena ayi, ndipo musalole yankho la maganizo chabe. Pali zizindikiro zinayi zoopsa zimene zimagwiritsidwa ntchito pa munthu wamkulu amene ali ndi HIV: kupuma kopitirira ka 30 pa mphindi, kugunda kwa mtima kopitirira ka 120, kutentha kopitirira madigiri 39, ndi kulephera kuyenda popanda womugwira. Wodwala wathu alibe ngakhale chimodzi, komabe manambala ake sali kutali, ndipo n'chifukwa chake namwino ayenera kumuyeza pafupipafupi. Auzeni ophunzira awerengere okha kulemera kwake poyerekeza ndi kutalika: 47 kugawa ndi 1.72 wochulukitsidwa ndi 1.72 zikupereka pafupifupi 16, pamene malire a munthu wonyentchera ali pa 18.5. Kenako achititseni chinthu chimodzi chosavuta chimene ambiri amachiiwala, chomwe ndi kumuyendetsa wodwala kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kachipangizo koyezera okosijeni kali pa chala. Okosijeni akatsika kwambiri poyenda, mwa munthu wa chifuwa chouma ndi befu, ganizirani chibayo cha nyumosisitisi, chimene chimagwira anthu a chitetezo chotsika ndipo mankhwala ake ndi ena. Mwa wodwala wathu okosijeni watsika kufika pa 94 basi, zimene zikuchepetsa nkhawa imeneyo ngakhale sizikuichotseratu.

Ophunzira amadabwa kuti munthu wotsokomola milungu isanu ali ndi chifuwa chomveka bwino, ndipo ena amayamba kudzikayikira kuti sanamvetsere bwino. Atsimikizireni kuti zimenezi zimachitika kawirikawiri pa TB, ndipo khutu si chida chochotsera matendawa. Zimene zili ndi phindu lalikulu m'ndimeyi zili kunja kwa chifuwa. Zoyera za m'kamwa zikusonyeza kuti chitetezo chatsika kale tisanaone nambala ya CD4. Kapamba wotupa akusonyeza kuti matenda mwina afalikira m'thupi. Ndipo mwanabere uja ndi mphatso kwa dokotala, chifukwa ndi malo amene singano ingafike mosavuta.

Musanaulule zotsatira za ku labotale, aumirizeni ophunzira kuti aike maganizo awo poyera. Aliyense anene matenda amene akuwaganizira koyamba ndi ena awiri kapena atatu, ndipo pa aliwonse anene chimene chikugwirizana nawo ndi chimene chikutsutsa. TB imene yafalikira kupitirira mapapo ili patsogolo. Wachiwiri, amene sindilola kuti aiwalike, ndi khansa ya m'mwanabere yotchedwa limfoma, chifukwa kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda ndi zizindikiro zakenso zenizeni, imagwira achinyamata, imachuluka mwa anthu amene ali ndi HIV, ndipo imatupitsa mwanabere ndi kapamba mofanana ndi TB. Pambuyo pake pabwere kiriputokokasi, nyumosisitisi, khansa ya Kaposi ya m'mapapo, ndi matenda a mabakiteriya a m'magazi kapena a m'zitseko za mtima. Cholinga si kutalikitsa mndandanda, koma kuti wophunzira adziwe kuyeza kumene kungasiyanitse matenda awiri oyambirirawo.

Tsopano perekani zotsatira zoyamba.

"Magazi ndi ochepa, himogulobini ili pa 8.4. Maselo oyera ali pa 5.1. Malungo sanapezeke. Shuga, impso ndi chiwindi zili bwino. CD4 ndi 88. Ekisire ya chifuwa sikuonetsa mabowo kapena madzi. Ikuonetsa mwanabere wotupa pakati pa mapapo mbali ya kumanja, ndipo mapapo enieniwo akuoneka oyera. Makhololo anatumizidwa ku makina a Xpert MTB/RIF ndipo yankho labwera kuti MTB NOT DETECTED."

Pamenepa ndi pamene pali mtima wa phunziro lanu, ndipo mupatsepo nthawi yochuluka. Funsani kuti, "Kodi wodwalayu alibe TB?" ndipo mudikire, ngakhale pakhale chete kwa kanthawi. Ena adzanena kuti ayambe kufufuzidwa khansa, ena adzanena kuti apatsidwe mankhwala ena a chibayo n'kutulutsidwa kuti akayambe ma ARV. Maganizo achiwiriwa ndi amene amataya miyoyo, ndipo ndi bwino atuluke pa phunziro kusiyana ndi kuti atuluke usiku wina wophunzirayo ali yekha pa ntchito.

Afotokozereni chifukwa chake kuchokera pa mmene matendawa amagwirira thupi. Mabowo amene timawaona kumtunda kwa mapapo pa TB yodziwika ija sapangidwa ndi kachilombo kokha, koma ndi nkhondo imene chitetezo cha m'thupi chimamenya pozinga kachilomboko. Mnofu wa pakati pa malo ozingidwawo umafa, umasungunuka, n'kutsanukira m'njira za mpweya, ndipo ndi mmene tizilombo tambirimbiri timafikira m'makhololo. Munthu amene CD4 yake ili pa 88 alibe mphamvu zomenyera nkhondo yotero. Mabowo sapangika, tizilombo tochepa tokha ndi timene timafika m'makhololo, koma tambiri timadutsa m'mwanabere ndi m'magazi kupita ku kapamba, ku chiwindi, ku impso, m'mafupa ndi ku ubongo. Zotsatira zake n'zakuti wodwala amene ali ndi tizilombo tochuluka m'thupi lonse ndiye amene makhololo ake ndi ekisire yake zingaoneke zabwino. Wophunzira akamvetsa mfundo imeneyi safunikanso kuloweza kuti TB ya munthu wa chitetezo chotsika imaoneka mosiyana, chifukwa amatha kuzipeza yekha.

Onjezerani malire a zida zathu. Kuti tizilombo tioneke pa maikulosikopu pamafunika pafupifupi 5,000 mpaka 10,000 m'mililita imodzi ya makhololo. Makina a Xpert, amene Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse linawavomereza mu 2010, amafufuza chibadwa cha kachilombo, amapereka yankho m'maola pafupifupi awiri, amanenanso ngati kachilomboko sikamva mankhwala a TB otchedwa rifampisini, ndipo amapeza TB yambiri imene maikulosikopu imaphonya. Komabe nawonso amaphonya ena mwa odwala amene makhololo awo ali ndi tizilombo tochepa. Kumeretsa tizilombo mu labotale ndiko kumapeza ngakhale tochepa kwambiri, koma kumatenga milungu, ndipo wodwala ngati uyu sangadikire. Funsaninso amene anatenga makhololowo kuti anali otani. Ngati anali malovu a m'kamwa chabe, yankho la makina silikunena kanthu za mapapo, ndipo ayenera kutengedwanso, makamaka a m'mawa, wodwala atatsuka m'kamwa ndi madzi, atapuma mozama kangapo n'kutsokomola kuchokera pansi, ali panja kapena pamalo opita mphepo.

Funso lotsatira likubwera lokha: ngati tizilombo sitili m'makhololo, tikatifune kuti? Mayankho awiri ali pafupi, ndipo onse angachitike tsiku lomwelo. Loyamba ndi mkodzo. Kuyeza kwa LAM kumafufuza kachigawo ka khungu la kachilombo ka TB kamene kamatuluka mu mkodzo, kumachitikira pa bedi pomwepo ndi kapepala, ndipo yankho limawerengedwa pakatha mphindi 25. Kumagwira bwino mwa odwala enieni amene makhololo amatilephereretsa, a HIV amene CD4 yawo ndi yotsika kapena amene adwalika kwambiri, koma sikugwiritsidwa ntchito mwa munthu wopanda HIV, ndipo kukapanda kuonetsa kanthu sizitanthauza kuti TB palibe. Lachiwiri ndi kubaya mwanabere wa pakhosi ndi singano n'kutumiza zotulukazo ku Xpert ndi ku maikulosikopu. Ngati pali makina a sikani, kuyang'ana madzi ozungulira mtima, mwanabere wa m'mimba ndi timadontho ta m'kapamba kumawonjezera umboni. Pa CD4 yotereyi magazi ayezedwenso kiriputokokasi ma ARV asanayambe.

"LAM ya mu mkodzo yaonetsa kuti ilipo. Mwanabere watulutsa zoyera zokhuthala, ndipo Xpert yayankha kuti MTB DETECTED, Rif resistance NOT DETECTED. Kiriputokokasi sanapezeke m'magazi."

Apa wophunzira anene chiganizo chomanga nkhani, ndipo chikhale chachifupi: mwamuna wa zaka 26 amene ali ndi HIV yofika patali, CD4 88, ali ndi TB yofalikira yotsimikizika imene ikumva rifampisini, ndi wonyentchera, magazi ndi ochepa, alibe zizindikiro za matenda oumitsa khosi ndipo alibe zizindikiro zoopsa lero. Ndi bwino kufunsanso gulu kuti akanatani zonsezi zikanabwera zopanda kanthu. Yankho loona ndi lakuti mwa wodwala wa chithunzi chotere, makamaka akayamba kuonetsa zizindikiro zoopsa, dokotala wamkulu angathe kuyambitsa mankhwala a TB popanda umboni wa labotale, koma atatenga kaye zoyeza zonse zimene angathe, ndipo atalemba m'faili tsiku limene adzaunikenso chiganizocho. Pamenepo mwanabere adulidwe kachidutswa kuti akaunikidwe ngati muli limfoma, ndipo mankhwala a gulu la pulediniziloni asaperekedwe mwachisawawa kachidutswako kasanatengedwe, chifukwa amaphwetsa limfoma kwa kanthawi n'kusokoneza zotsatira.

Dongosolo la mankhwala wophunzira alinene ndi manambala ake. Mankhwala a TB ayambe lero: miyezi iwiri ya rifampisini, aisoniyazidi, pirazinamaidi ndi ethambutolo, kenako miyezi inayi ya rifampisini ndi aisoniyazidi, tsiku lililonse. Piritsi limodzi la mankhwala anayi ophatikiza limakhala ndi mamiligalamu 150 a rifampisini, 75 a aisoniyazidi, 400 a pirazinamaidi ndi 275 a ethambutolo. Apatseni ophunzira ntchito yowerengera: mapiritsi atatu kwa munthu wa makilogalamu 47 akupereka mamiligalamu 450 a rifampisini, omwe ndi pafupifupi 10 pa kilogalamu, ndi 225 a aisoniyazidi, omwe ndi pafupifupi 5 pa kilogalamu, ndipo imeneyi ndiyo miyezo imene tikufuna. Chiwerengero chenicheni cha mapiritsi chitsatire tebulo la sikelo la m'malangizo a dziko limene mukugwirako ntchito, pakuti matebulowa amasiyana ndipo amasinthidwa, komanso chiwerengerocho chiunikidwenso sikelo ya wodwala ikakwera. Awonjezere piridokisini kuti ateteze dzanzi la m'mapazi limene aisoniyazidi amayambitsa, kotirimokisazolo wa mamiligalamu 960 tsiku lililonse, mankhwala a zoyera za m'kamwa, ndi chakudya chowonjezera.

Nthawi yoyambira ma ARV ndi funso limene ophunzira amasokonezeka nalo, choncho lifunseni mwachindunji. Mankhwala a TB amayamba kaye, ndipo ma ARV amatsatira pasanathe milungu iwiri, chifukwa kuchedwa mwa munthu wa CD4 yotsika kumawonjezera imfa. Kupatula kwake ndi matenda oumitsa khosi, kumene ma ARV amachedwetsedwa kwa milungu inayi kapena kuposerapo, ndipo apa ophunzira aona chifukwa chimene funso la mutu ndi khosi linali m'mbiri muja. Rifampisini amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira, choncho dolutegiraviya, mmodzi mwa ma ARV, amamwedwa mamiligalamu 50 kawiri pa tsiku m'malo mwa kamodzi, mpaka patadutsa milungu iwiri rifampisini atatha. Mkazi wa wodwalayu ayezedwe TB ndipo apatsidwe mwayi woyezetsa HIV, mwana uja abwere naye, ndipo wodwalayo alembedwe m'kaundula wa TB asanatuluke.

Gawo lomaliza la phunziro libwerere kwa wodwala, ndipo wophunzira mmodzi amufotokozere m'mawu wamba gulu likumvetsera, chifukwa luso limeneli nalonso liyenera kuonedwa ndi kukonzedwa. Amuuze kuti matenda ake apezeka ndipo ndi ochizika, kuti mankhwala ndi a miyezi isanu ndi umodzi ngakhale atayamba kupeza bwino m'milungu yochepa, ndiponso kuti mkodzo ndi thukuta zidzasanduka zofiirira ngati lalanje chifukwa cha rifampisini ndipo zimenezo si zoopsa. Amuuzenso zimene zili zoopsa, zomwe ndi maso achikasu, kusanza kosalekeza, kupweteka kwa m'mimba, zidzolo za thupi lonse, kusaona bwino, ndi mutu waukulu, kuti akaona chimodzi mwa izi abwere tsiku lomwelo.

Ngati nthawi ilipo, tsekani ndi funso la mlungu wachinayi, limene limayesa ngati amvetsa zonse. Wodwala uja wabweranso patatha milungu iwiri chiyambireni ma ARV, thupi latenthanso ndipo mwanabere wa pakhosi wakula kuposa kale. Ophunzira ambiri adzanena kuti mankhwala alephera. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti chitetezo chimene chayamba kudzuka chikumenyana ndi tizilombo timene kale sichinkationa, ndipo kutupako ndi kwa nkhondo ija imene tinanena kuti thupi linkalephera kumenya. Komabe timangonena kuti vuto ndi limeneli pambuyo pochotsa zina, choncho wophunzira afunse ngati mankhwala akumwedwadi tsiku lililonse ndipo awerenge mapiritsi otsala, aganizire TB yosamva mankhwala ena kupatula rifampisini poti nkhani ya msuweni uja sinadziwike mathero ake, afufuze matenda ena atsopano, aone ngati si mankhwala amene akutenthetsa thupi, ndipo akumbukire kuti limfoma ndi TB zimatha kukhala mwa munthu mmodzi. Zonsezi zikachotsedwa, mankhwala a TB ndi ma ARV amapitirira osaimitsidwa, mwanabere amene wasanduka mafinya amapopedwa ndi singano, ndipo pulediniziloni amaperekedwa ngati zizindikiro zakula, pokhapokha mutayang'ananso m'kamwa ndi pakhungu kuti mulibe khansa ya Kaposi, imene mankhwala amenewa amaikulitsa.